Kusanja Zithunzi za Holo Yokongoletsedwa pa Ukwati ndi pa Maliro

Komiti ya ukwati ikafuna munthu wokongoletsa holo, kawirikawiri imapempha anthu angapo kuti abweretse zithunzi za ntchito yomwe anagwirapo kale. Zithunzizo zikafika, mkangano umabuka chifukwa aliyense amaloza chimene chamukomera m'maso. M'nkhani ino tifotokoza momwe tingasanjire zithunzi zotere poyang'ana zinthu ziwiri: udongo wa ntchitoyo, ndiponso kugwirizana kwake ndi mwambo umene ukuchitika.

Udongo ndi wosavuta kuuona. Woyang'ana aone ngati nsalu za pathebulo zasitidwa ndipo zalendewera mofanana mbali zonse, ngati mipando ili pamzere, komanso ngati mapini, zingwe ndi mawaya a zokuzira mawu zabisika. Malo amene amaulula mmisiri wosasamala ndi m'makona ndi pansi pa thebulo la akwati, pomwe makatoni ndi zotsala za nsalu zimaponyedwa. Ichi ndi chifukwa chake chithunzi chojambulidwa pafupi kwambiri sichiyenera kudaliridwa. Maluwa a pambali pa keke angaoneke bwino pamene kumbuyo kwa holo kuli mipando yoonekera dzimbiri. Ndi bwino kupempha chithunzi china chojambulidwa munthu ataima pakhomo, ndipo zithunzi zonse zikhale za nthawi imodzi, alendo asanalowe. Kuyerekeza holo ya m'mawa ndi holo imene anthu avinamo kale ndi kulakwira mmisiri wachiwiriyo.

Kugwirizana ndi mwambo ndiye kovuta, popeza kumafuna munthu wodziwa zimene zidzachitike m'holomo. Pa madyerero a ukwati m'Malawi muno nthawi yambiri imathera pa perekaniperekani. Magulu amaitanidwa limodzilimodzi, akuchimuna, akuchikazi, akumpingo, akuntchito, ndipo amabwera kutsogolo akuvina ndi kuponya ndalama. Choncho holo yoyenera imakhala ndi bwalo kutsogolo kwa akwati, njira yotakasuka pakati, ndi thebulo la owerenga ndalama pambali. Mitundu ya nsalu nayo isalimbane ndi zovala za operekeza akwati.

Tiyerekeze kuti komiti yalandira zithunzi zitatu, ndipo chilichonse chikupatsidwa malikisi osaposa 5 pa mbali iliyonse. Choyamba chikuonetsa holo yoyera bwino, mathebulo ozungulira atayalidwa mwaluso mpaka kufika pamapazi a akwati. Pa udongo chapeza 5, koma pa kugwirizana ndi mwambo chapeza 2 chifukwa povinira palibe. Chachiwiri chili ndi bwalo lalikulu ndi mitundu yoyenera, kungoti nsalu ya kumbuyo kwa akwati yapendekeka ndipo waya wina akuoneka pansi. Ichi chapeza 3 pa udongo ndi 4 pa mwambo. Chachitatu chadzaza mabaluni a mitundu yosiyanasiyana ngati phwando la mwana wokumbukira tsiku lobadwa, ndipo chapeza 4 ndi 1.

Tikangophatikiza malikisi, choyamba ndi chachiwiri zikufanana, 7 chilichonse, pamene chachitatu chili ndi 5. Apa ndi pomwe kuphatikiza kumasocheretsa, chifukwa zolakwa ziwirizi si zolemera mofanana. Nsalu yopendekeka munthu amaiwongola mphindi zochepa, ndipo waya amamubisa pansi pa kapeti. Koma kuchotsa mathebulo alendo atakhala kale, mbale zili patsogolo, ndi chisokonezo chimene chingachepetse ngakhale ndalama za perekaniperekani. Ine ndikuona kuti malikisi a mwambo aziwerengedwa kawiri. Tikatero chachiwiri chikupeza 11, choyamba 9, chachitatu 6, ndipo mndandanda waoneka bwinobwino.

Pa maliro muyeso ndi womwewo, kungoti chofunika chimasintha. Diso liyenera kugwera pa bokosi, osati pa nsalu. Woyang'ana chithunzi afunse ngati pali njira yoti anthu adutse pamzere poona nkhope, ngati amayi oferedwa ali ndi pokhala pafupi ndi bokosi, pamkeka kapena pamipando, ndiponso ngati nkhata za maluwa zili ndi malo ake osatchinga njira. Mitundu imakhala yochepa ndi yofatsa, monga yoyera, yakuda kapena ya pepo, umene Akatolika amaugwiritsa ntchito pa misa ya maliro. Vuto lodziwika ndi lakuti okongoletsa ena amatenga katundu yemweyo wa ukwati, nsalu zonyezimira ndi mariboni a pamipando, n'kukamuyala pamaliro. Chithunzi chotere chingapeze 5 pa udongo, komabe chitsike pansi pa mndandanda, pakuti wolowa m'holomo angayambe wadzifunsa ngati sanasochere khomo.

Pomaliza penipeni, aliyense wa m'komiti alembe malikisi ake payekha asanamve a anzake. Wapampando kapena nkhoswe akayamba kulankhula, achinyamata amangovomereza mwaulemu, ndipo mndandanda umene umatuluka umakhala wa munthu mmodzi.