Cuku cakuda m'bafa: Jiki ndi viniga sizikumana

Mvula ikayamba mu Novembala, mabafa ambiri ku Kitwe na ku Ndola amasintha nkhope. Mizere ya simenti pakati pa matailosi, imene amisiri amati gilauti, imada bii. Si dothi cabe ai, ndi cuku. Simentiyo imamwa madzi na thovu la sopo, ndipo ngati windo ni kang'ono komanso kotseka, cuku capeza nyumba yosalipira lenti.

Loweruka lapita n'nathandiza alongo anga ku Chifubu kutsuka bafa yao. Tinayamba na mphepo, osati mankhwala. Tinatsegula windo, citseko ca bafa na citseko ca kuseli kuti mphepo izidutsa, ana tinawatumiza panja, ine n'kuvala magolovesi a labala.

Coyamba ni kucotsa litsiro. N'nasakaniza masipuni atatu a soda, uja wophikira delele, na sipuni imodzi ya madzi, n'kupaka phalalo m'mizere. Patapita mphindi 10 n'nakweca na mswaci wakale, n'kutsukuluza bwinobwino. Bulashi ya waya musayese, imakumba simenti.

Caciwiri ni kupha cuku. Kapu imodzi ya Jiki m'makapu 10 a madzi ozizira yakwana. Madzi otentha amakweza nthunzi yoyabwa. N'napaka na kansalu m'malo mopopera kuti isalowe m'maso, n'kudikira panja mphindi 10, kenako kukwecanso, kutsukuluza na kupukuta.

Apa ndiye mumvetsetse, abale anga. Jiki musaisakanize na viniga, mankhwala otsukira toileti kapena aliwonse okhala na amoniya. Ikakumana na asidi imatulutsa mpweya wa kolorini, umene umawotca mapapo. Mukamva maso kuwawa, kutsokomola kapena cifuwa kuthina, siyani zonse, tulukani panja. Kupuma kukapitiriza kuvuta, thamangirani ku kiliniki. Amene ali na asima nchitoyi aisiyire ena.

Ku Chifubu mizere yambiri inayera, koma malo awiri anakana. M'mphepete mwa sinki munali silikoni, ndipo cuku cinalowa mkati mwake. Pamenepo Jiki siifika, mankhwala ake ni kuidula na kampeni n'kuika yatsopano pakauma. Kwina kunali pansi pa pompi, pomwe khoma linali lonyowa ngakhale palibe anasamba, ndipo tailosi imodzi imalira ngati ng'oma ukaigogoda. Ico ni cizindikiro ca paipi yodontha m'khoma. N'nawauza alongo anga kuti, “Asisi, apa musataye ndalama pa Jiki. Uzani alandilodi aitane pulambala.”

Cuku cimabwerera kumene kuli cinyezi. M'mawa, musanathamangire minibasi, pukutani khoma na kansalu kouma, thaulo muyanike panja, ndipo windo muisiye yotsegula ngati ili na mabagila baa.