Chojambula kapena chithunzi cha kamera: zosankha pa masamba olandirira alendo m'apu

Munthu akangotsitsa apu yatsopano m'foni, amayamba waona masamba atatu kapena anayi omufotokozera ntchito ya apuyo. Pa masamba amenewa wokonza apu ndi mwini bizinesi amakonda kusemphana maganizo. Mwini bizinesi amafuna zithunzi za kamera zooneka ngati zenizeni, pomwe wokonza amafuna zojambula zosalala, za mizere ndi mitundu yochepa, zotchedwa vekitala. Mkanganowu sutha ndi funso loti chokongola n'chiti. Umatha pofunsa kuti tsamba lililonse likugwira ntchito yanji.

Mitundu iwiriyi imasiyana kuyambira pa kapangidwe. Chithunzi cha kamera ndi timadontho tambirimbiri, mapikiselo, ndipo mukachikulitsa chimachita mbuu. Vekitala, monga fayilo ya SVG, imasunga malangizo okha: mzere uyambire apa, ukhote apo, mkati muthiridwe mtundu wakuti. Foni imajambula yokha, choncho chojambulacho chimaoneka bwino pa sikirini yaing'ono ndi yaikulu yomwe. Zojambula zosalala zinafala kwambiri Apple itatulutsa iOS 7 mu 2013 ndi Google itabweretsa Material Design mu 2014.

Tiyerekeze mayi wina ali ndi bizinesi yoperekera ndiwo zamasamba m'makomo pa njinga yamoto, ndipo akufuna masamba atatu. Loyamba lionetse katundu, lachiwiri liphunzitse kuloza pomwe pali nyumba pa mapu, lachitatu liphunzitse kulipira pa foni.

Tsamba loyamba likufuna kamera. Wogula akufuna umboni woti tomato ndi wakupsa bwino ndipo chisoso n'chosafota, ndipo bwalo lofiira lojambulidwa silingamuuze zimenezo. Chithunzicho chikhale cha katundu weniweni wa mayiyo. Chogula pa intaneti, cha khitchini yachilendo ndi masamba osapezeka pamsika wakwathu, ogula amachizindikira msanga ndipo chimachotsa chikhulupiriro chomwe chimafunidwacho.

Masamba awiri enawo akufuna vekitala, chifukwa ntchito yawo n'kuphunzitsa. Mukajambula ndi kamera munthu atagwira foni, diso la woonera limathamangira pa nkhope, pa chitenje, pa khoma lakumbuyo. Wojambula vekitala amachotsa zonsezo n'kusiya chala, mapu ndi batani loti lidinidwe.

Pofotokozera kasitomala, mawu oti zosalala ndiye zamakono sathandiza. Muuzeni zinthu zitatu zokhudza thumba lake ndi ogula ake.

Choyamba ndi kulemera. Chojambula chosavuta chimangotenga makilobaiti ochepa, pomwe chithunzi chodzaza sikirini chimafika mazanamazana ngakhale chitapanikizidwa kukhala WebP. Chikatsegulidwa chimalemeranso kuposa pamenepo: chithunzi cha mapikiselo 1080 m'lifupi ndi 1920 m'litali, pikiselo iliyonse ikutenga mabaiti 4, chimadya pafupifupi mamegabaiti 8 a memore. Pa foni yotsika mtengo, zitatu zotere zingachititse kuti tsamba lizikakamira posuntha ndi chala, ndipo bandulo yotsitsira apuyo amalipira ndi wogula.

Chachiwiri ndi mtengo wosintha. Mayiyo akasintha mtundu wa yunifolomu za anyamata ake, pa vekitala ndi ntchito ya mphindi zochepa. Pa chithunzi, aitanenso wojambula, apeze anthu, ndipo aliyense woonekayo asaine chilolezo. Wantchito amene ali pa chithunzi akachoka mokangana, nkhope yake imatsala m'mafoni a ogula kufikira apu itakonzedwanso.

Chachitatu, musabise zofooka za vekitala. Zojambula zongotola pa intaneti, za anthu a miyendo italiitali ndi khungu lobiriwira, zimafanana m'maapu ambiri, ndipo wogula sadzionamo. Chojambula chabwino chimafuna katswiri wolipidwa amene angajambule dengu, njinga ndi mpanda momwe zimaonekeradi. Komanso vekitala yodzaza tizinthu tambiri imachedwa kutseguka, popeza foni imawerengera mzere uliwonse. N'chifukwa chake malangizo a Android amati chojambula cha VectorDrawable chisapitirire 200 x 200 dp. Chachikulu ndi chocholowana kuli bwino kuchisandutsa WebP.

Kasitomala akaumirirabe, wokonza angayankhe kuti: "Mayi, tomato wanu timujambule ndi kamera kuti anthu amukhumbire. Koma pa tsamba lolipirira tikufuna aone batani limodzi lokha." Kenaka akonze mitundu yonse iwiri, aiike m'foni yotsika mtengo, osati pa kompyuta ya muofesi, n'kupatsa ogula enieni angapo panja padzuwa. Tsamba lililonse alione kwa masekondi asanu, ndiye afunsidwe kuti apuyi imachita chiyani ndipo adina pati. Akamafotokoza za kumwetulira kwa munthu wa pachithunzi koma osadziwa polipirira, chithunzicho chalephera. Akamafunsa ngati chojambulacho ndi tomato kapena apozi, vekitala ndiyo yalephera. Mayankho amenewa mwini bizinesi adzimvere yekha, chifukwa ndi omwe adzamuthandize kusankha.