Magetsi Akathima Fayilo Ili Pakati Polembedwa

Pulogalamu ikatsegula fayilo kuti iilembenso yonse, kawirikawiri imayamba yafufuta zimene zinalimo, kenako n'kuyamba kulemba zatsopano. Tinene kuti mu `ngongole.csv` muli mayina 500 a amene muli nawo ngongole pagolosale yanu, ndipo magetsi athima pulogalamu itangolemba mayina 120. Zakale zapita, zatsopano sizinathe. Mukaitsegula mupeza mzere womaliza utadukira pakati, mwinanso fayilo yonse ili mbee.

Pulogalamu yolembedwa mosamala siikhudza n'komwe fayilo yakaleyo. Imalemba mayina onse mu fayilo ina yongoyembekezera, `ngongole.csv.tmp`, kenako imaitana `fsync` kuti zolembazo zichoke m'memore zikafikedi pa disiki. Ikatero m'pamene imasintha dzina:

```
mv ngongole.csv.tmp ngongole.csv
```

Pa Linux, kusintha dzinaku kumachitika kamodzin'kamodzi. Dzina la `ngongole.csv` limaloza fayilo yakale yathunthu kapena yatsopano yathunthu, palibe za theka. Magetsi akathima msanga, mumangopeza kafayilo ka `.tmp` katatsala, n'kukafufuta.

Chimene ambiri amaphonya, ndipo chimandidetsa nkhawa, ndi malo oika fayilo yongoyembekezerayo. Ikakhala pa disiki ina, monga pa fulashi, `mv` imachita kukopera pang'onopang'ono, ndipo ngozi ija yabwereranso. Muziiika mu foda imodzi ndi fayilo yeniyeniyo. `fsync` nayonso musaidumphe, chifukwa dzina likhoza kusintha zolembazo zisanafike pa disiki, n'kukusiyirani fayilo yopanda kanthu.