Zosintha pa kafukufuku

Zosintha ndi zinthu zimene zimasiyana pakati pa anthu kapena malinga ndi nthawi, monga msinkhu, mtunda kapena malikisi a mayeso. Ochita kafukufuku amazigawa potengera ntchito yake pa funso limene akufufuza.

Chodziimira ndi chodalira

Chosintha chodziimira ndi chimene wofufuza akuganiza kuti ndicho chikuyambitsa kusintha, ndipo chimalembedwa X. Chodalira ndi zotsatira zimene amayeza, ndipo chimalembedwa Y.

Mwachitsanzo, mphunzitsi wa masamu mu Fomu 2 ali ndi ophunzira 40, ndipo 20 mwa iwo amabwera ku sitadi yamadzulo. Pa mayeso, avereji ya obwera ndi malikisi 65 pa 100, pomwe ya osabwera ndi 50. Apa chodziimira ndi kubwera ku sitadi, ndipo chodalira ndi malikisi.

Chosokoneza

Chosokoneza ndi chinthu chachitatu chimene chimakhudza X ndi Y yemwe. M'kalasi imeneyi, ambiri obwera ku sitadi amakhala pafupi ndi sukulu. Akutali sangathe kuyenda usiku, komanso m'mawa amafika mochedwa ndiponso otopa, phunziro litayamba kale. Choncho mtunda ukukhudza kubwera ku sitadi komanso malikisi.

Kuti aone ngati zili choncho, mphunzitsi amayerekeza ophunzira apafupi okhaokha. Ngati pakati pawo obwera akuposa osabwera ndi malikisi 5 okha, ndiye kuti mbali yaikulu ya kusiyana kwa 15 kuja sinachokere ku sitadi. Njira ina ndi kuchita maere posankha olowa m'gulu lililonse, ndi kuika sitadi pa nthawi imene onse angathe kubwera. Maere amathandiza kuti apafupi ndi akutali apezeke m'magulu onse awiri.

Chosintha mphamvu

Chosintha mphamvu chimakulitsa kapena kuchepetsa mmene X ikukhudzira Y. Pakati pa ophunzira apafupi aja, amene ali ndi buku la masamu angapindule ndi malikisi 8 chifukwa cha sitadi, pomwe odalira notsi zokha angapindule ndi 2. Buku ndilo likusintha mphamvu ya sitadi.

Kusiyana kwake

Ophunzira ambiri amasakaniza ziwirizi. Chosokoneza chimapereka chithunzi cholakwika cha mphamvu ya X, ndipo chikapanda kuganiziridwa, sukulu ikhoza kukakamiza ana akutali kubwera usiku poyembekezera phindu limene kulibe. Chosintha mphamvu sichilakwitsa zotsatira, koma chimaonetsa amene X ikuwathandiza kwambiri. Dzina la chosintha limadalira funso: pa kafukufuku wina wofufuza za mtunda ndi malikisi, mtunda womwewo ndiwo ungakhale chodziimira.