Mzere ukapendekeka, mawu oyenera ndi ati?

Kalembera wa anthu m'Malawi wachitika kasanu ndi kamodzi chilandirire ufulu wodzilamulira, ndipo zotsatira zake zimasungidwa ndi ofesi ya boma yoona za ziwerengero ku Zomba. Mu 1966 anthu anali pafupifupi 4 miliyoni, mu 1977 anali 5.5 miliyoni, mu 1987 anayandikira 8 miliyoni, mu 1998 anali 9.9 miliyoni, mu 2008 anapitirira pang'ono 13 miliyoni, ndipo mu 2018 anafika 17.6 miliyoni. Munthu akaika madontho asanu ndi limodzi amenewa papepala n'kuwalumikiza, amapeza galafu ya mzere. Ntchito yovuta imabwera pamene mwana wasukulu, mtolankhani kapena mlangizi wa zaumoyo afunika kufotokoza ndi pakamwa zimene mzerewo ukunena.

Ambiri amangoti “anthu achuluka”. Si bodza ayi, koma mawuwo sanena kuti achuluka motani, liti, ndiponso mwa liwiro lanji. Kufotokoza kwabwino kumayankha mafunso atatu: chinthu chikuyezedwacho n'chiyani, chalowera kuti, ndipo chayenda mofulumira bwanji pa nthawi yanji.

Yankho la funso loyamba limapezeka m'mbali mwa galafu. Mzere wogona wam'munsi umaonetsa zaka, pamene woimirira wakumanzere umaonetsa chiwerengero cha anthu. Wowerenga akatsimikiza zimenezi, amayamba ndi chithunzi chonse asanalowe m'tizigawo: kuchokera mu 1966 mpaka 2018, chiwerengero cha anthu chinakwera mosalekeza, ndipo chinawirikiza kupitirira kanayi. Mawu akuti “mosalekeza” ali ndi ntchito yake pamenepa, chifukwa akuuza womvera kuti palibe kalembera ngakhale mmodzi amene anapeza anthu ochepa kuposa wam'mbuyo mwake.

Kenaka diso limapita pamene mzere wasintha kayendedwe. Pakati pa 1977 ndi 1987 mzerewo ndi wotsetsereka ndithu, pakuti anthu ankawonjezeka ndi 3.7 peresenti pachaka. Pakati pa 1987 ndi 1998 umagonako pang'ono, chifukwa kuwonjezekako kunali 2 peresenti pachaka. Apa m'pamene ambiri amapunthwa. Akaona 3.7 yasanduka 2, amalemba kuti “chiwerengero cha anthu chinatsika”. Koma anthu sanachepe: anachoka pa 8 miliyoni kufika pa 9.9 miliyoni. Chimene chinatsika ndi liwiro la kuwonjezekako. Chiganizo cholondola ndi chakuti chiwerengero chinapitiriza kukwera, koma pang'onopang'ono kusiyana ndi zaka khumi zam'mbuyo. Zili ngati basi imene yachepetsa liwiro pachitunda: ikupitabe kutsogolo, sinabwerere m'mbuyo.

Kupendekeka kumeneku kuli ndi mbiri yake. M'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira anthu ambirimbiri m'Malawi, makamaka m'maboma a m'malire monga Nsanje, Mulanje, Ntcheu ndi Dedza, ndipo kalembera wa 1987 anawapeza ali kuno. Pangano la mtendere litasainidwa ku Roma mu Okutobala 1992, ambiri anabwerera kwawo kalembera wa 1998 asanachitike. Komabe wofotokoza wosamala amasiyanitsa zimene galafu ikuonetsa ndi zimene iye akudziwa kuchokera kwina. Mzere umangoonetsa kuti liwiro linachepa. Chifukwa chake chimachokera m'mbiri, ndipo ndi bwino kunena momveka kuti chachokera kumeneko.

Msampha womwewu umakola anthu pa nkhani ya mitengo ya katundu. Wailesi ikalengeza kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika, wina amathamangira kumsika kuyembekezera sopo wotchipa, n'kubwerako atakwiya. Chimene chatsika ndi liwiro limene mitengo ikukwerera. Mitengoyo ikukwerabe.

N'chifukwa chake mneni aliyense ayenera kulingana ndi kaimidwe ka mzere. Mzere wokwera pang'ono pa nthawi yaitali “wakwera pang'onopang'ono”. Umene wadzuka mwadzidzidzi pa nthawi yochepa “walumpha”, ndipo umene watsika mwamphamvu chimodzimodzi “wagwa”. Wogona osasuntha “wakhazikika”. Umene ukupita m'mwamba ndi pansi mobwerezabwereza, monga mtengo wa chimanga umene umatsika nthawi yokolola n'kukweranso m'miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, “ukukwera n'kumatsika”. Mawu akuti “wafika pachimake” amayenera pokhapokha ngati mzerewo unatsika pambuyo pake. Choncho n'kulakwa kunena kuti chiwerengero cha Amalawi chinafika pachimake mu 2018, chifukwa dontho limenelo langokhala lomaliza pagalafu.

Galafu ya mizati, imene imaimika timizati totalika mosiyanasiyana, imafuna luso lina, la kuyerekeza. Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 989,000 mumzinda wa Lilongwe, 800,000 ku Blantyre, 221,000 ku Mzuzu ndi 105,000 ku Zomba. Kunena kuti Lilongwe ndi wamkulu kuposa Blantyre n'zoona, koma womvera amafuna kudziwa kuti wamkulu ndi zingati. Pali njira ziwiri. Yoyamba ndi kuchotsera: Lilongwe anaposa Blantyre ndi anthu pafupifupi 189,000. Yachiwiri ndi kugawa: anthu a ku Lilongwe anali ochuluka kuwirikiza kanayi ndi theka poyerekeza ndi a ku Mzuzu, ndipo a ku Mzuzu anali ochuluka kuwirikiza kawiri ndi pang'ono poyerekeza ndi a ku Zomba. Kuchotsera kumamveka bwino pamene mizati yayandikana msinkhu, kugawa pamene yatalikirana kwambiri.

Mizati ya 2008 ikaikidwa pambali pa ya 2018, pamabuka funso limene limagawa anthu: ndi mzinda uti unakula kwambiri? Lilongwe anachoka pa anthu pafupifupi 670,000 ndipo anawonjezera opitirira 300,000. Mzuzu anachoka pa anthu pafupifupi 130,000 ndipo anawonjezera osafika 100,000. Poona mitu ya anthu, Lilongwe ndiye anawonjezera ambiri. Koma poyerekeza ndi pamene mzinda uliwonse unayambira, Mzuzu anakula ndi pafupifupi magawo awiri mwa atatu, pamene Lilongwe sanafike theka. Ziganizo zonse ziwiri n'zoona, ndipo mawu akuti “anakula kwambiri” paokha sanena kuti wolemba akutanthauza chiti. Wolemba waluso amati Lilongwe anawonjezera anthu ambiri, koma Mzuzu anakula mofulumira.

Chomaliza choyenera kuchenjera nacho ndi pamene mzere woimirira wayambira. Wojambula akayambitsa manambala pa 700,000 m'malo mwa ziro, mzati wa Lilongwe umaoneka wautali pafupifupi katatu kuposa wa Blantyre, chikhalirecho Lilongwe anaposa mnzakeyo ndi gawo limodzi mwa magawo anayi lokha. Zaka zam'munsi nazo zimafuna kuonedwa, pakuti kuchokera 1977 kufika 1987 ndi zaka 10, koma kuchokera 1987 kufika 1998 ndi zaka 11. Ichi n'chifukwa chake akatswiri a kalembera amayerekeza nyengo zotere pogwiritsa ntchito peresenti ya pachaka, ndipo wofotokoza galafu amachita bwino kuwerenga manambala olembedwa m'mbali asanasankhe pakati pa “wakwera” ndi “walumpha”.