Kamera ikazima ukwati uli pakati

TETE — Miyezi ya Okutobala ndi Novembala dzuwa limaswa mtengo m'chigwa cha Zambezi, ndipo masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Makamera ambiri anawapanga kuti azigwira ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 40 basi. Apa ndi pamene pagona vuto la anyamata amene amalembedwa ganyu yojambula vidiyo pa maukwati.

Kawirikawiri zimayenda motere. Wojambula amaimika kamera padzuwa, pabwalo la tchalitchi, n'kuyamba kujambula alendo asanafike n'komwe. Ola lisanakwane, pagalasi loonera pamatuluka kachizindikiro konga kachida koyezera kutentha kwa thupi kuchipatala. Iye sakasamala. Akwati akamavekana mphete, kamera ija thi! yazima. Eni ukwati analipira kale, ndipo mphete savekana kawiri.

Kamerayo sinafe ayi. Yadzizimitsa yokha kuti zam'kati zisapse. Pojambula vidiyo, diso la m'kati limatenga zithunzi 25 kapena 30 pa sekondi iliyonse osapuma, batire nayo imafunda, ndipo makamera ambiri aang'ono alibe chopemerera mphepo. Thupi lake lakuda limamwanso dzuwa. Ngakhale yodula siipulumuka: m'chaka cha 2020 kampani ya Canon inanena yokha kuti kamera yake ya EOS R5 ikhoza kuzima patatha mphindi pafupifupi 20 ikamajambula pa 8K.

Mankhwala oyamba ndi mthunzi. Ambulera m'manja mwa mwana imakwanira, kapena patsinde pa mtengo wa mango. Galasi loonera lija, ngati ndi lotseguka, alifutukule lisagundane ndi thupi la kamera, pakuti kumbuyoko ndiko kumatulukira kutentha kwambiri.

Chachiwiri ndicho chimene anyamata ambiri amakana chifukwa chofuna kutchuka: kutsika kuchoka pa 4K kupita pa 1080p. Chithunzi cha 4K chili ndi timadontho tochuluka kanayi, choncho kamera imalemedwa ntchito. Chonsecho vidiyoyo anthu akaionera pafoni, pamene kusiyanako sikuoneka kwenikweni.

Wojambula wanzeru amafunsiratu ndondomeko ya mwambo, amazimitsa kamera pa nthawi yodikira, n'kuiyatsa ili yozizira mphete zikayandikira. Ikazima ndithu, aitengere pamthunzi, achotse batire yotenthayo, asiye kachitseko kotsegula kwa mphindi zingapo, kenako aike batire ina. Asaiike m'bokosi la madzi oundana la ogulitsa zakumwa, chifukwa poitulutsa mame amagwa m'kati n'kuiwononga.

Koma si kuima konse kumene kuli kwa kutentha. Makamera ambiri akale a zithunzi amasiya okha kujambula akafika mphindi 29 ndi masekondi 59. Ikatero kamera imakhala yoyakabe ndipo kachizindikiro kaja sikaoneka. Pamenepo wojambula angodinanso batani lofiira.