Chovala chikafulatira kamera, konzani zooneka zokha

Atelala ndi ogulitsa zovala ambiri masiku ano amapeza makasitomala kudzera m'zithunzi za pa foni. Wogula wochenjera sakhutira ndi chithunzi chakutsogolo chokha: amafuna aone mmene zipi yakhalira kumsana ndi mmene chovala chagwera cham'mbali. Zithunzi ziwirizi zimavuta kukonza chifukwa khosi, chifuwa ndi mabatani zimakhala zabisika, ndipo chimene kamera sinaone mulibemo m'chithunzimo. Ntchito ya wokonza ndi kuyeretsa zimene zikuoneka, osati kupeka zimene zabisika.

Tiyerekeze ndi delesi la chitenje lopanda manja, lokhala ndi zipi kumsana, lovekedwa pa chidole cha m'sitolo. Choyamba ndi kuwongola chithunzi. Kumbuyo kulibe mabatani oti n'kuyezera, choncho zipi ndiyo chingwe chanu chowongolera. Mu Snapseed gwiritsani ntchito Rotate mpaka zipi igwirizane ndi mzere woimirira. Mu Photoshop dinani Ctrl+R, kenako kokani mzere kuchokera pa rula ya kumanzere n'kuuika pa zipi. Zipi ikawongoka koma phewa limodzi n'kukhalabe m'mwamba, ndiye kuti delesi linavekedwa mopendekeka. Pamenepo n'kwabwino kujambulanso kusiyana n'kukankha phewalo ndi Liquify, chifukwa chida chimenechi chimapinda chilichonse chapafupi. Maluwa ozungulira a pa chitenje amasanduka ngati mazira, ndipo felemu la chitseko chakumbuyo limakhota. Wogula watcheru amazindikira msanga.

Chachiwiri ndi kuchotsa chidole kuti delesi lioneke lokha. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Pa chithunzi chakutsogolo, mukafufuta khosi la chidole pamatsala mpata woyenera kuonetsa mkati mwa nsalu yakumsana. Kumbuyo sizikhala choncho kawirikawiri. Khosi la delesi lakutsogolo limakhala lotsika kuposa lakumbuyo, ndiye limabisika kuseri kwa msana, ndipo pamwamba pa zipi payenera kuoneka khoma lokha. Mukamatapo chidutswa cha nsalu, mwalipatsa delesi kolala imene telala sanasoke. Zimasintha pokhapokha ngati delesi lili lotseguka kumsana. Zikatero mkati mwa nsalu yakutsogolo mumaonekeradi, ndipo muyenera kulitembenuza delesi, kulijambula mbali yamkatiyo pa kuwala komweko, n'kuika chidutswacho pansi pa chithunzi chachikulu, mochidetsa pang'ono chifukwa mkati mumakhala mthunzi.

Chithunzi cham'mbali chili ndi malo ake osakhudza: mzere wochokera pakhosi, kudutsa pachifuwa mpaka kumpendero. Mzere umenewu ndi umboni wokhawo wa mmene kutsogolo kwasokedwera. Ukusonyeza ngati delesi lagwira thupi kapena lamasuka, komanso ngati kutsogolo n'kofupika kuposa kumbuyo. Kuusalaza kwambiri podula chithunzi kumasintha masokedwe. Kuzani chithunzi mpaka 100%, dulani motsatira m'mphepete mwenimweni mwa nsalu, ndipo chotsani ulusi wolendewera wokha. Pa bowo la mkono, chidole chikachoka, pamafunika chithunzi cha mkati mwa mbali inayo, osati utoto wakuda wongopaka.

Nanga makwinya ndi madontho? Healing ndi Content-Aware Fill zimadzaza malo potengera zimene zili pafupi. Pa nsalu ya mtundu umodzi zimagwira bwino, koma pa chitenje zimasokoneza maluwa: tsamba limaduka pakati kapena duwa limabwerezeka pamene silinali. Clone Stamp imathandiza bwino, bola mutenge kuchokera pa duwa lofanana lomwe lili pa kuwala kofanana. Ngati maluwa sanakumane bwino mbali ziwiri za zipi, asiyeni. Amenewo ndi masokedwe, si vuto la kamera, ndipo wogula adzawaona delesi likafika.

Mtundu nawo uyenera kufanana pa zithunzi zonse. Foni imasintha yokha kuwala ndi mtundu nthawi iliyonse mukajambula, motero delesi lofiira kutsogolo likhoza kuoneka lotuwira kumbuyo. Ikani pepala loyera pambali pa chidole pojambula. Pokonza, tsegulani White Balance, sankhani pepalalo pa chithunzi chilichonse, kenako lidulenimo. Mukatha, ikani zithunzizo pamodzi n'kuyerekeza duwa limodzi lomwelo.

Ena akasowa chithunzi chakutsogolo amafufuta zipi, n'kujambula khosi pa chithunzi chakumbuyo. Chinyengo chimenechi chimaululika ndi mapinda: akumsana amakhala oimirira m'chiuno, pomwe akutsogolo amaloza kuchifuwa. Ngati delesi lapita kale kwa mwini wake, tumizani chithunzi chimene muli nacho ndi mawu ofotokoza kuti khosi ndi lozungulira kapena lakuthwa, komanso ngati pali matumba. Lotsatira musalilole kutuluka pa shopu musanalijambule kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi mkati.